Thanki yabwera, nanga magata?

Wapampando: Abale, thanki ya malita 5,000 imene tinalonjezedwa ija yafika. Tikufuna izikolola madzi a mvula padenga la holo. Odziwa za mapaipi tiuzeni zofunika kugula.

Mmisiri: Zikomo a wapampando. Tisanagule kanthu tiyambe tawerengera. Holoyo ndi mamita 20 mulitali, 8 mulifupi. Tikaika magata mbali imodzi yokha, denga lotipatsa madzi ndi masikweyamita 80, ndipo poyeza timayeza pansi pamene denga laphimba, osati kutsetsereka kwa malata. Mvula ya milimita imodzi pa sikweyamita imodzi ndi lita imodzi. Ikagwa ya mamilimita 25, pepala likuti malita 2,000, koma ena amathovokera kunja kwa gata, ena timataya dala, ndiye tiyembekezere 1,600. Mvula zitatu zoterozo thanki yatsala pang'ono kudzaza. Mbali yachiwiri tisavutike nayo, madzi ake tilibe powasunga.

Amalume: Kutaya dala? Madzi tikuwafunawo?

Mmisiri: Eya amalume. Chilimwe chonse padenga pamaunjikana fumbi, masamba ndi zitosi za mbalame. Madzi oyamba amatsuka zimenezo, ndipo akalowa m'thanki amaipitsa onse. Timawapatutsa, pafupifupi lita imodzi pa sikweyamita iliyonse, kwa ife malita 80.

Mlembi: Zimenezo n'zosavuta. Paipi ya mamilimita 110 ingotsika kuchokera pagata, kunsi tiitseke ndi chivundikiro. Ikadzaza, madzi oyera azidutsa pamwamba kupita kuthanki.

Mmisiri: Njirayo ndi yomweyo a mlembi, koma paipiyo yachepa. Mita imodzi ya paipi ya 110 imasunga malita osakwana 9. Khoma lathu silipitirira mamita atatu, ndiye mwapatutsa malita 25 basi, matope otsalawo alowa m'thanki. Pa kanyumba kakang'ono zimatheka. Pano paipiyo ithere m'diramu la pulasitiki la malita 100, lotseka bwino. Pakhosi pa diramu tiikemo kampira koyandama: madzi akamakwera kamakwera nawo n'kutseka khomo, kuti zonyansa zisabwerere.

Achemwali: Ine langa ndi limodzi. Ndalama za magatazo azisunga ndani? Za mjigo zija malisiti ake sitinawaone mpaka lero.

Msungichuma: Achemwali, nthawi imeneyo buku silinali kwa ine. Musandiponyere za eni ake.

Achemwali: Sindinatchule dzina. Mwadzitchula nokha.

Wapampando: Chonde, za mjigo zili ndi tsiku lake.

Mmisiri: Ndimalize za diramu, chifukwa ambiri amagwera pamenepa. Likakhala lodzaza kuyambira mvula ya dzana, mvula yotsatira ipeza khomo lotseka ndipo zonyansa zipita molunjika kuthanki, ngati kuti diramulo kulibe. Ena amabowola kabowo kunsi kuti lizidontha lokha, koma kabowoko matope amakatseka msanga. Ine ndimakonda mpopi waukulu kunsi ndi munthu wodziwika woutsegula mvula ikakata. Mukatunga madzi pathanki n'kuona akuda m'galasi kapena akununkha masamba owola, yambani mwagogoda diramu.

Magata nawo ali ndi msampha. Amafuna kutsetsereka sentimita imodzi pa mita iliyonse. Pa mamita 20 zikutanthauza kuti kumapeto gata latsika masentimita 20 kuchoka pamlomo wa malata, ndipo mvula yamphamvu madzi amangolilumpha. Choncho paipi yotsitsa ikhale pakati pa khoma, magata atsetserekere kumeneko kuchokera mbali zonse, masentimita 10 uku ndi uku. Kokani chingwe musanakhome. Zogwiriza zisatalikirane kupitirira mita imodzi, apo ayi gata limagwa mimba pakati, madzi n'kumadikha, udzudzu n'kupeza nyumba.

Amalume: Ndiye kuti chilimwe chonse kutunga kwatha?

Mlembi: Ayi amalume. Malita 5,000 ndi zidebe 250 za malita 20. Zidebe khumi patsiku, pakatha masiku 25 mpopi wauma.

Mmisiri: Apo a mlembi alasa. China, thanki yodzaza imalemera matani asanu. Isakhale pa njerwa zongosanja kapena pa matabwa otalikirana, pansi pake padzang'ambika. Ikufunika silabu ya konkire yosalala, yogwira tsinde lonse, yokwera moti chidebe chilowe pansi pa mpopi, koma pakamwa pa thanki pakhalebe m'munsi mwa gata. Paipi yotulutsa madzi osefukira ikule mofanana ndi yolowetsa, ikathire kutali ndi silabu, ndipo pakamwa pa zonse ziwiri pakhale sefa. Chivundikiro chizikhala chotseka, kuwala kukalowa mumamera ndere. Akumwa tiziwathirabe mankhwala kapena kuwiritsa.

Achemwali: Wotsegula mpopi wa diramuyo ndi ndani? Kapena ndi omwe aja anasunga kiyi wa holo miyezi itatu?

Msungichuma: Ine ndatuluka kaye.

Wapampando: A msungichuma bwererani, mndandanda wa zogula sitinalembe.