Kulemba maminitsi msonkhano uli mkati: ndilembe ziti, ndisiye ziti?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Andisankha kukhala mlembi wa komiti yathu, ndipo ntchito imeneyi ndi yachilendo kwa ine.

Zokonzekera ndayesako. Ndawerenga maminitsi a msonkhano wapitawu, ndalemberatu mitu ya ajenda m'kope n'kusiya mpata pansi pa mutu uliwonse, ndiponso ndili ndi mayina a mamembala oti ndizingochonga amene abwera ndi amene apepesa. Pali china choti ndiwonjezere?

Pomwe pandivuta ndi apa. Tiyerekeze kuti akukambirana zokonzetsa denga la ofesi. Wina akuti tigule malata atsopano, wina akuti tingomata mabowo, wachitatu wayamba kukumba za mmisiri amene anathawa ndi ndalama chaka chatha. Mkangano watha mphindi 20, kenaka wapampando akuti msungichuma abweretse mitengo ya amisiri atatu pofika Lachisanu. Ine ndikuona ngati chofunika ndi chomwe agwirizana, amene achite, ndi tsiku lake. Za mmisiri wothawayo ndingazisiye, chifukwa sizinali pa ajenda. Koma nanga maganizo awiri aja, ndiwalembe mwachidule popanda mayina? Wina akati kukana kwake kulembedwe, dzina lake lilowe?

Chinanso, nthawi zina anthu amangong'ung'udza n'kudumphira mutu wina, osadziwika ngati agwirizana. Kodi mlembi angadule wapampando pakamwa n'kuwerenga zomwe walemba kuti atsimikize, kapena adikire msonkhano uthe? Dzanja langatu silithamanga, ndiye manambala ndi masiku ndimaopa kuziphonya.