Thandizeni kukumbutsa kasitomala mu Chifalansa mwaulemu

Abale anga odziwa Chifalansa, ndithandizeniko. Ndimagulitsa mtedza ku Lilongwe, ndiye pali bambo ena a ku Lubumbashi anafunsa mtengo wa matumba 200 a makilo 50, ndinawatumizira koteshoni pa imelo koma masabata awiri atha ali zii, olo kungoti talandira. Koteshoniyo ndinalemba kuti ndi ya masiku 30 poti mtengo wa thiraki sukhazikika, atsala 16 basi.

Ndayamba chonchi: "Bonjour Monsieur, je me permets de revenir vers vous concernant le devis envoyé il y a deux semaines." Kodi zikumveka mwaulemu kwa munthu wamkulu amene sitinaonanepo? Pamutu pa imelo ndiike "Relance" kapena zimveka ngati ndikulonjerera ngongole?

Pomwe pandivuta kwambiri mpa tsiku lothera, ndikufuna adziwe kuti likadutsa mtengo usintha koma asaone ngati ndikuwaopseza, komanso ndiwauze kuti ngati vuto ndi kuchuluka kwa matumba tikhoza kukambirana. Ndilembe bwanji? Nanga potseka "Cordialement" yokha ikukwana kapena kumeneko amafuna chiganizo chachitali chija? Koteshoni ndiimatanso pa imeloyo kuti asavutike kufufuza.