Yankho lake lachepa kanayi ndendende, ndimulembere bwanji?

Mayi Kachingwe: Aphunzitsi anzanga, ndipatseniko nzeru. Ndili ndi mtsikana wa chaka chachiwiri amene ndimamuthandiza Loweruka lililonse. Funso linali lakuti: paipi ya PVC ya mamilimita 50 mkati, yotalika mamita 100, ikudutsa madzi malita 2 pa sekondi, hedi yotayika, ndiye kuti mphamvu ya madzi imene ikuthera m'paipi, yoyezedwa m'mamita, ndi yochuluka bwanji? Yankho ndi mamita 2.2, iye wapeza 0.56. Usiku wanditumizira uthenga kuti mutu wake si wa zimenezi, bola angosiya, ndipo Loweruka sabwera. Ndikufuna kumulembera kalata, koma ndiyambe ndatsimikiza kaye pamene wapunthwa.

Bambo Mwale: Imeneyo ndi rediyasi basi, mayi. Watenga 50 ngati rediyasi, bwalo la paipi lakula kanayi. Ana anga amachita zomwezo chaka ndi chaka.

Mayi Kachingwe: Nanenso ndinayamba ndaganiza choncho, a Mwale. Koma liwiro wapeza mamita 1.02 pa sekondi, ndipo nlolondola. Nambala ya Reynolds wapeza 51,000, nayonso ili bwino.

A Chirwa: A Mwale, ikanakhala rediyasi yankho silikanachepa kanayi. Liwiro ndi limene likanachepa kanayi, ndipo mu fomula liwiro limachulukitsidwa ndi lokha, ndiye hedi ikanagwa koposa kakhumi. Mayi Kachingwe, tayang'anani f amene walemba, nambala ija ya kukhulana kwa madzi ndi paipi. Ngati ali pafupi ndi 0.005, nkhani ndaidziwa kale.

Mayi Kachingwe: Walemba 0.0053. Akuti anawerenga pa tchati ya m'buku limene anabwereka kwa msuweni wake, amene akuphunzira uinjiniya wa makemikolo.

A Chirwa: Ndi zomwezo. Tchati imeneyo ndi ya Fanning, pomwe fomula imene inu munamupatsa ndi ya Darcy. Onse awiri amalemba f, koma f wa Darcy ndi wamkulu kanayi: 0.0053 kuchulukitsa ndi 4 ndi 0.021. Mwanayo wawerenga tchati bwino, wawerengera bwino, wangokwatitsa zinthu za mabanja awiri. Ine ndaphunzitsa zimenezi mpaka imvi, ndipo amene amagwa m'dzenje limeneli kawirikawiri ndi akhama, opita kukafufuza buku lachiwiri. Waulesi amangokopera za pa bolodi, sakumana nazo.

Zgambo: Ingomuuzani kuti Fanning ndi zachikale, agwiritse tchati ya Moody basi. Kalata ya mizere iwiri yakwana.

A Chirwa: Kuti pa ntchito ya madzi agwire tchati ya Moody, imene inatuluka mu 1944 ndipo ndi ya f wa Darcy, ndikuvomera. Koma zachikale ayi, achimwene. A makemikolo akugwiritsabe Fanning lero lino, ndipo mabuku ena a ku Britain amene ali m'malaibulale mwathu muno amalemba fomula ndi 4f. Mukamuuza kuti kulibe, tsiku lina adzatenga 0.021 wa Moody nkumuika mu fomula ya 4f, adzapeza mamita 8.9. Kulakwa komweko, koma chokwera.

Mayi Tembo: Izo za 8.9 ndinaziona ndi maso pa ntchito ina ya mthirira, osati m'kalasi. Mnyamata wathu anawerengera choncho pa mzere wautali wopita ku tanki, tinatsala pang'ono kugula pampu yaikulu ndi masola owonjezera. Chinatipulumutsa ndi tebulo la ogulitsa mapaipi, manambala sanagwirizane. Komatu ine funso langa ndi lina: mapaipi a PVC amene timawatchula kuti 50 aja, 50 ndi kunja, mkati mumachepa. Ana anu mumawauza?

Mayi Kachingwe: Funso lake linanena kuti mkati, mayi Tembo, koma mwandikumbutsa, ndidzawatengera chidutswa ayeze okha. Nayi kalata imene ndalemba, idzudzuleni:

Mwanawe, pepala lako ndaliwerenga mzere ndi mzere. Liwiro la 1.02 nlolondola. Reynolds wa 51,000 ngwolondola. Tsopano tenga 2.2 ugawe ndi 0.56 wako. Upeza pafupifupi 4. Munthu amene wasokonezeka mutu yankho lake silisiyana ndi loona mwaudongo chonchi. Likasiyana ndi nambala yathunthu, ndiye kuti pali chinthu chimodzi chokha chimene chasinthana, ndipo chimapezeka.

Chako ndi ichi. Pali ma f awiri, ndipo lililonse lili ndi fomula yake:

```
Darcy:    h = f (L/d) v²/2g
Fanning:  h = 4f (L/d) v²/2g
```

Iwe unatenga 0.0053 pa tchati ya Fanning nkumuika mu mzere woyamba. Muike mu wachiwiri: 4 kuchulukitsa ndi 0.0053 ndi 0.021, L/d ndi 2,000, v²/2g ndi 0.053. Zonse pamodzi, mamita 2.2. Manambala onsewa ndi ako omwe, ine sindinasinthepo ngakhale imodzi.

Mawa ukagwira tchati yachilendo, usanawerenge kanthu pita ku mzere woongoka wa kumanzere, wa madzi oyenda mwabata, uyang'ane pa Reynolds wa 1,000. Ukapeza 0.064 ndi ya Darcy, chifukwa mzerewo ndi 64/Re. Ukapeza 0.016 ndi ya Fanning, 16/Re. Buku la msuweni wakolo usabweze, ubwere nalo Loweruka tidzaike matchati awiriwo pamodzi.

Bambo Mwale: Yakoma, ndipo ndavomera kuti si rediyasi. Koma simunamuuze kumene 4 akuchokera. Adzangoloweza ngati ndime ya Sande sukulu.

A Chirwa: Pamenepo a Mwale anena zoona, ndipo sizitenga malo. Fanning amayeza kukhulana kwa madzi pa khoma la paipi. Pulesha imakankha madzi pa bwalo lonse la mkati, pomwe khoma limawagwira mozungulira m'mbali. Mukalinganiza mphamvu ziwirizo, Δp kukhala pulesha yotayika ndipo τ kukhala kukhulana kwa pa khomako:

```
Δp × πd²/4 = τ × πdL
Δp = 4τL/d
```

4 uja ndi ameneyo, wachokera ku bwalo la paipi. A Darcy anamumeza mkati mwa f, a Fanning anamusiya panja. Chinanso, mayi, mawu akuti chinthu chimodzi chasinthana muwasamale. Funso likatembenuka, akapatsidwa hedi nkufunsidwa madzi odutsa, kulakwa komweku kumaoneka ngati kawiri kapena kupitirirako pang'ono, osati kanayi, chifukwa liwiro limatuluka pansi pa sikweya ruti ndipo f amasuntha nalo.

Mayi Kachingwe: Mizere iwiri ya 4 ija ndiiika kumapeto, ndi chithunzi cha paipi yodulidwa. Za funso lotembenuka ndisunga, ndidzamupatsa ngati ntchito akabwera. Mwana wolira sumusenzetsa mitolo iwiri.

Zgambo: Nanga malikisi? Pa 10 ine ndingampatse 4. Yankho lochepa kanayi kumunda ndiye kuti madzi safika pa tanki, ndipo alimi safunsa kuti tchati inali ya ndani.

Mayi Tembo: Ine 7. Wanga uja anali ndi dipuloma kale, nayenso anagwa pomwepo.

Mayi Kachingwe: Ndinali nditalemba 6 ndi pensulo. Koma ndabwereranso ku manotsi amene ndinawapatsa, ndapeza kuti ndinangolemba f, osatchula kuti ngwa Darcy. Kalata ndatumiza popanda malikisi. A Chirwa, inu mukanapereka angati?