Khosi lakana kufanana ndi nkhope nditamuveka suti kasitomala

Wa situdiyo ku Ndirande: Anzanga thandizeni msanga. Kasitomala akufuna chithunzi chofunsira ntchito, anabwera atavala tisheti yofiira, ndamuveka suti pa kompyuta ndi Generative Fill ya mu Photoshop. Suti ili bwinobwino koma khosi latuluka loyera, losalala ngati la chidole, pomwe mwiniwake ndi wakuda. M'mbali mwa kolala mwatsalanso kamzere kofiira. Akubwera madzulo ano!

Mkulu wa ku Zomba: Gulani jekete ndi tayi pa kaunjika, muzipachika mu situdiyo. Munthu avale, mujambule, nkhani yatha.

Mayi wa zithunzi za maukwati: Achimwene, khosi limenelo si lake, pulogalamuyo yachita kupanga lina chifukwa posankha munaphatikiza khungu. Musavutike kulidetsa. Chithunzi choyambirira chikadalipo pansi, ndiye pa masiki a leya ya sutiyo pakani zakuda ndi burashi yofewa mpaka khosi lenileni libwerere, mulekezere pa kolala. Ngati tisheti inabisa malo ena amene tsopano akuonekera, pokhapo ndiye musiyepo khungu lopangalo. Lisankheni, muike Curves, muyerekeze ndi khungu lenileni la pambali pake. Osayerekeza ndi chipumi, chimawala ndi fulashi. Khosi limayenera kuderako kuposa nkhope.

Wa ku Mzuzu: Si pulinta imeneyo? Yanga inki ikamatha anthu amatuluka ofiira.

Wa situdiyo ku Ndirande: Sindinapulinte akulu, zikuoneka pa sikirini pomwe. Mayi, khosi labwerera koma nalo likufiira m'munsimu.

Mayi wa zithunzi za maukwati: Ndi tisheti ija, inawalitsira kufiira kwake pakhungu. Tsegulani leya yatsopano, muiike pa Color, mutenge mtundu pa tsaya, mupake pang'onopang'ono. Mukachulutsa khosi lichita mbuu. Kamzere ka pa kolala ndi nsalu yakale, kaphimbeni ndi Clone Stamp potenga khungu la pafupi. Pomaliza ikani kamthunzi kopyapyala pa Multiply pamene kolala yakhudza khungu, apo ayi mutu uoneka wochita kumata.

Mkulu wa ku Zomba: Ntchito yonseyo pa chithunzi chimodzi? Ndati jekete.

Wa ku Mzuzu: Muonenso kochokera kuwala. Wina anandibweretsera chithunzi cha malemu bambo ake kuti ndiwaveke suti cha pa mwambo wa chiliza. Nkhope inkawala kumanzere, suti yomwe inatuluka ikuwala kumanja. Achibale anangoti awa si bambo athu. Kolala yoyera imapusitsanso maso, khungu limaoneka lakuda kuposa mmene lilili, ndiye musathamangire kumuyeretsa munthu.

Mayi wa zithunzi za maukwati: Komanso mumufunse bwino ntchito ya chithunzicho. Ngati n'cha viza musachikhudze n'komwe, a ku America salola chithunzi chosinthidwa pa kompyuta.

Mkulu wa ku Zomba: Mwaona? Akanavala jekete yeniyeni bwenzi chikugwira ntchito paliponse.

Wa ku Mzuzu: Nanga kasitomala wonenepa mumatani bambo? Muli ndi majekete angati?