Mafayilo a binlog adzaza disiki, ndifafanize bwanji osapha repulika?

Mnyamata wa ku Ntcheu: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimayang'anira seva ya MySQL 8.0 pa kakampani kena kuno ku Joni. Disiki ndi ya magiga 200, m'mawa uno yafika pa 94 peresenti. `SHOW BINARY LOGS` ikundipatsa mafayilo 130, kuyambira `binlog.000412` mpaka `binlog.000541`, iliyonse giga imodzi. Timalemba pafupifupi magiga 6 patsiku. Marepulika ndili nawo awiri. Ina ikuyenda bwino, koma inayo ili mu ofesi ku Randburg ndipo ndi yozima chizimireni magetsi Lachisanu madzulo, batire yake inatha kale mphamvu. Lero ndi Lachiwiri. Ndichotse ati? Nanga masiku osunga ndiike angati?

Dalitso_Yeoville: Zaphweka izi achimwene. `rm` akale onse, usiye asanu a kumapeto.

Mai a Tadala: Ayi Dalitso, usamuphetse mwana wa eni. MySQL imasunga mndandanda wa mafayilowa mu `binlog.index`, ukafafaniza ndi dzanja mndandandawo umatsala ukutchula zinthu zomwe kulibe. Komanso asanu sakukwana ndi tsiku limodzi lomwe pa seva imeneyi.

A Ntcheu, musanakhudze kanthu pitani mukayatse ya ku Randburg ija, muthamangitse `SHOW REPLICA STATUS\G` pa onse awiri, mutiuze zomwe zili pa `Relay_Source_Log_File`. `PURGE` sichotsa fayilo imene repulika yolumikizidwa ikuwerenga panthawiyo, koma yozima seva siyiona n'komwe. Mukachotsa fayilo yomwe inalekezera, pobwera idzakupatsani vuto la nambala 1236 n'kuima, ndiye muziyamba kuimanganso kuchokera ku bakapu.

Dalitso_Yeoville: Chabwino ndagonja pa `rm`. Koma aike masiku atatu basi, `binlog_expire_logs_seconds` pa 259200. Kwathu ndi momwemo ndipo sitinaonepo vuto.

Mai a Tadala: Kwanu marepulika sagona mumdima. Kuchokera Lachisanu mpaka lero masiku atatu adutsa kale. Akaika 259200, fayilo yatsopano ikangotsegulidwa seva isesa zonse zopitirira masiku atatu, ndipo poseserapo siifunsa ngati kuli wina wotsalira m'mbuyo.

Che Jafali: Ine zinandichitikira chaka chatha, ndinachepetsa `innodb_buffer_pool_size` zinthu zinapepuka.

Mnyamata wa ku Ntcheu: Che Jafali imeneyo ndi ya memole, langa ndi disiki. Mai, ndafika ku ofesi, ndayatsa koma intaneti ya kuno sinadzuke. Yabwino ija ili pa `binlog.000541`. Ya kuno `Source_Log_File` ikuti 000521, `Relay_Source_Log_File` ikuti 000519. Nditsate iti?

Mai a Tadala: Tsatani yaing'onoyo. 000521 ndi pomwe inafika pokoka, 000519 ndi pomwe inafika pogwiritsa ntchito zomwe inakokazo. Ena angakuuzeni kuti 000521 ikukwanira poti zapakatizo zili kale kwa iyo mu `relay-bin`, ndipo nthawi zambiri n'zoona. Koma makina omwe azima mwadzidzidzi sindiwakhulupirira, mafayilo amenewo atha kukhala oduka, mukafuna kuikonzanso idzapempha kuyambira pomwe inagwiritsa ntchito. Magiga awiri okha musawaumirire. Pa seva yaikulu:

```
PURGE BINARY LOGS TO 'binlog.000519';
SET PERSIST binlog_expire_logs_seconds = 604800;
```

Yoyambayo ichotsa onse a m'mbuyo mwa 000519, iyoyo itsala. Yachiwiri ndi masiku 7, kwa inu ndi magiga ngati 42. Panopa muli pa masiku 30 omwe MySQL 8.0 imabwera nawo, ndiye kuti magiga 180 pa disiki ya 200, simukanafikako. Lembani `PERSIST` osati `GLOBAL`, kupanda apo seva ikadzayambiranso idzaiwala. Funso limodzi musanadinde: bakapu yanu yathunthu yomaliza ndi ya liti? Ngati mumadalira mafayilowa pobwezeretsa deta, musachotse obwera pambuyo pa bakapuyo.

Mnyamata wa ku Ntcheu: Ndi ya Lamlungu usiku, tili bwino. Ndachita, mafayilo 107 apita, disiki yatsika kufika cha m'ma 40 peresenti. Intaneti yabweranso, repulika ikuthamangira anzake. Zikomo Mai. Koma pali china chikundidya. Disembala ofesi imatseka masabata atatu, ine ndimakhala ndili pa basi ya kumudzi. Ikazima tsiku loyamba?

Dalitso_Yeoville: Kuti uidikire uyenera kusunga mafayilo a masiku 21, kuchulukitsa ndi 6 ndi magiga 126, wabwerera pomwe unali m'mawa. Uwauze abwana agule batire.

Mai a Tadala: Apa Dalitso walasa. Ine ndingaisiye ife, Januwale n'kuimanganso kuchokera ku bakapu yatsopano, bola ngati imangogwira za malipoti. Kapena muyese `binlog_transaction_compression`, ilipo kuyambira 8.0.20, koma marepulika onse akhale ofika pamenepo.

Che Jafali: Osangoisamutsa ku ofesiko bwanji?

Mnyamata wa ku Ntcheu: Abwana amafuna aziiona ndi maso pansi pa tebulo lawo. Ndiyesa kuwanyengerera Lachinayi.