Magetsi akuphethira ku nyumba ya gulu ku Mchengautuba: tichotse mawaya onse?

Mlembi: Akuluakulu, ana akudandaula kuti m'chipinda chowerengera mababu onse atatu akuphethira, usana ndi usiku womwe. Mu holo ndi mu ofesi mulibe vuto. A Msungichuma akuti tichotse mawaya a nyumba yonse tiyike atsopano. Maganizo anu?

Msungichuma: Ndanenadi. Amene anatiyikira aja anachita zachangu. Ndalama za mpanda zidikire kaye, nyumba ingatipsere.

Achimwene a ku Chiputula: Mayi, musawononge ndalama. Ndi mababu otchipa amsikawa. Tigule atatu abwino basi.

Malume a ku Luwinga: Achimwene, mukanakhoza likanakhala babu limodzi. Ndagwira ntchito ya magetsi zaka zambiri, ndipo babu limodzi likamaphethira lokha timalichotsa n'kukaliyika m'chipinda china. Likaphethiranso kumeneko, lafa ndi babulo. Likayaka bwino, vuto ndi holda, timano take tamkati tafooka kapena tachita dzimbiri. Koma a Mlembi akuti atatu. Kodi amaphethira pamodzi, kapena lililonse nthawi yake?

Mlembi: Pamodzi, Malume, ngati akuvina. Swichi yawo ndi imodzi.

Malume a ku Luwinga: Ndiyetu si mababu. Atatu sangagwirizane kudwala nthawi imodzi. Funani chimene onsewo amadyera pamodzi: swichi, kapena polumikizira mawaya m'siling'i pamene nthambi ya chipindacho yapatukira. Sikuluwu ikakhwefuka, waya amangokhudzakhudza, moto n'kumadukiza. Mukapita, dinani swichiyo pang'onopang'ono. Kuphethira kukasintha, kapena mukamva kuti tsss, kapena pulasitiki yake ikufunda, mwampeza. Musatsegule nokha. Koma a Msungichuma mantha awo ndi oona, chifukwa polumikizira pokhwefuka pamatentha, ndipo buleka siigwa popeza moto wodutsapo sunachuluke. Chipindacho chizimitsidwe kufikira wamagetsi atafika.

Mayi a ku Katawa: Kwangatu amachita chimodzimodzi kukakhala mitambo. Mzuzu ndi chifunga chakechi, ikamakwana 8 koloko nyumba yonse ili phethiphethi.

Achimwene a ku Chiputula: Anu aja si a sola, Mayi? Ndi batire lomwe silinakhute limenelo, ndi nkhani ina.

Mayi a ku Katawa: Ooh, pepani, ndimayesa n'zimodzi.

Wapampando: Ndiwonjezereko. Lachisanu tili pamsonkhano mu holo, magetsi anazilala kangapo, ofesi ndi khonde lomwe. Mlonda akuti zimachitika madzulo ambiri. Nanga pamenepo ndi swichi?

Malume a ku Luwinga: Ayi bambo, amenewo ndi matenda achiwiri, musawaphatikize. Nyumba yonse ikamachita pamodzi, vuto lili pamene moto usanagawike: pa swichi yaikulu m'bokosi la mabuleka, pa mita, pa waya wochokera papolo, kapena kunja kwenikweni. Mlonda achite chinthu chimodzi chokha. Zikayamba, atuluke ayang'ane nyumba zoyandikana. Ngati nakonso kukuphethira, si zathu. Mwina thiransifoma yalemedwa nthawi yophika, kapena wina pafupi akuwotcherera zitsulo kapena kudzutsa chigayo. Moto umayenera kufika pafupifupi mavoloti 230, ndipo wamagetsi akayeza masana n'kuyezanso cha m'ma 6 koloko madzulo, kusiyana kwake kudzationetsa. Koma anzathu akakhala chete ife tokha tikuphethira, makamaka kukamawomba mphepo kapena mvula ikamagwa, ndikayikira polumikizira papolo. Kumeneko ndi ku mita si kwathu kogwira, timakanena ku kampani ya magetsi.

Wapampando: Mlonda ndamuimbira. Akuti za oyandikana sanayang'anepo, koma tsiku lina mababu a mu holo anawala kwambiri ngati masana, babu limodzi n'kupsa.

Malume a ku Luwinga: Apo ndiye ndadzidzimuka. Kuzilala timapirira, koma kuwala mopitirira kumaloza ku waya wa nyutulo, wobwezera moto uja, kuti wakhwefuka pa laini. Zikatero nyumba zina moto umachepa, zina umakwera kulowera ku 400, n'kuwotcha mafiriji ndi machaja. Zikadzachitikanso, agwetse swichi yaikulu nthawi yomweyo. Ndipo a Mlembi, kaneneni mawa lomwe, musadikire msonkhano.

Achimwene a ku Chiputula: Komatu Malume, babu lotchipa limawalanso choncho likamafa.

Malume a ku Luwinga: Limodzi, inde. Mlonda afunsidwe bwino ngati anawala onse.

Msungichuma: Ine sindinakhutirebe. Ngati m'chipinda chimodzi analumikiza mwaulesi, tidziwa bwanji kuti m'zipinda zina anamanga bwino? Mawaya atsopano ndasiya kaye, koma wamagetsiyo akwere m'siling'i aone polumikizira ponse, ine ndilipo.

Wapampando: Zimenezo tikambirane Loweruka pamodzi ndi mtengo wake. A Mlembi, kiyi wa chipinda chowerengera musunge ndinu, ana aziwerengera mu ofesi.