Zowonjezera pa funso la kavalo wa m'nyanja wamwamuna

"Kodi wamwamunayo amangosunga mazira m'thumba, kapena ndi mimba yeniyeni?"

Kavalo wa m'nyanja ndi kansomba ka m'nyanja zamchere komwe mutu wake umafanana ndi wa kavalo. Poyankha poyamba paja tinangofotokoza zoti wamkazi amaikira mazira ake m'thumba la pamimba pa wamwamuna. Chimene chinatsala ndi zochitika m'katimo, ndipo kwa ine ndi zimene zimadabwitsa kwambiri.

Mazira akangolowa, wamwamuna amathirapo umuna n'kutseka thumbalo. Khungu la m'kati limafufuma, mitsempha ya magazi n'kuchuluka, ndipo dzira lililonse limakhazikika m'khungumo. Kudzera m'mitsempha imeneyi ana amalandira mpweya, zonyansa zawo n'kumachotsedwa. Chakudya chambiri chimachokerabe mu dziralo, choncho si mimba yofanana ndendende ndi ya mbuzi. Koma bamboyo amasinthanso mchere wa m'madzi a m'thumbamo pang'onopang'ono mpaka ufanane ndi wa m'nyanja, kuti ana akatuluka asafe ndi kusintha kwadzidzidzi.

Pakatha masabata awiri mpaka anayi, malinga ndi mtundu wake ndi kutentha kwa madzi, amadzipinda mobwerezabwereza n'kuwatulutsa. Akatuluka basi, sawasamaliranso, ndipo ambiri amadyedwa. Apa amasiyana ndi chambo chathu, chomwe mayi amafungatira mazira m'kamwa, ndipo ana ataswa amathawirabe m'kamwamo akaona mdani.